Munthu watsopano akalowa pa gulu, uthenga womulandira ulembedwe bwanji?

"Zikomo akulu. Ndine adimini wa gulu la WhatsApp la anthu okhala m'dera lathu, tilipo pafupifupi 180. Munthu watsopano akalowa ndimatumiza uthenga umodzimodzi womulandira, wokhala ndi malamulo athu onse 14. Koma ambiri salankhulako ngakhale kamodzi, ndipo mwezi wathawu awiri anatuluka sabata isanathe. Tsiku lina anthu oposa 30 analemba 'takulandirani' mpaka chilengezo cha msonkhano chinakwiririka. Sabata yamawa tikulowetsa mayi wina amene wangosamukira kuno. Ndilembe chiyani, kapena ndingosiya kulandira anthu?" Mayi wina, adimini wa gulu.

Mayi, musasiye kulandira anthu, ndipo mtima ukhale m'malo. Ndakhala ndikuyendetsa magulu otere kwa zaka zambiri, ndipo pa gulu lililonse owerenga mwakachetechete amachuluka kuposa olemba. Munthu kukhala chete sindiye kuti wakhumudwa. Otulukanso amakhala ndi zifukwa zawo zimene simungazidziwe zonse: wina foni yamudzadzira ndi zithunzi, wina watopa ndi kulira kwa foni. Komabe uthenga wanuwo uli ndi vuto limodzi lokonzeka mosavuta. Mwausenzetsa ntchito ziwiri, kulandira munthu ndi kumuwerengera malamulo, ndipo ntchito yachiwiriyo ikumeza yoyambayo.

Tayambani mwaganizira zimene mayi akubwerawo adzaona pa foni yawo. Inu mukatsegula gululi mumaona mbiri yonse: amene amakonda nthabwala, amene sachedwa kupsa mtima, nkhani imene inavuta chaka chatha. Iwo sadzaona chilichonse mwa izi. Pa WhatsApp, kawirikawiri munthu akalowa pa gulu amapeza poyera, zimene zinalembedwa iye asanalowe sizioneka. Akayang'ana mndandanda wa mamembala amapeza manambala 180, ambiri mwa iwo sanawasunge m'foni mwake. Ndiye chinthu choyamba chimene gululo lidzalankhule kwa iwo ndi uthenga wanu. Uthenga wautali foni imaudula n'kuika mawu akuti Read more kumunsi, ndipo si aliyense amadina pamenepo. Chotsalira pamwamba ndi moni wa mzere umodzi, kenako "n'koletsedwa", "osatumiza", "wophwanya adzachotsedwa". Munthu sanalakwe kanthu, sanatsegule n'komwe pakamwa, koma wauzidwa kale mmene adzathamangitsidwire. Munthu wanzeru akawerenga zimenezo amasankha kukhala chete, chifukwa pa malamulo 14 sangadziwe kuti aponda liti.

Malamulowo ndi ofunika, sindikunena kuti muwataye. Asamutseni. Malo ake ndi pofotokozera gulu, pamene pamalembedwa kuti Group description, pansi pa dzina la gulu. Zolembedwa pamenepo membala aliyense amaziona nthawi ina iliyonse, ngakhale amene walowa lero. Ambiri amaganiza kuti kukhoma uthenga pamwamba ndi Pin kumagwira ntchito yomweyo, koma apa pali msampha. Pa WhatsApp uthenga wokhomedwa umakhala maola 24, masiku 7 kapena masiku 30, kenako umatsika wokha. Komanso munthu amene walowa uthengawo utatumizidwa kale kawirikawiri sauona, ngakhale kwa inu ukuoneka pamwamba penipeni. Ndaonapo adimini akukalipira munthu watsopano kuti "simunawerenge zili pamwambazo?" pomwe pa foni ya munthuyo pamwambapo panalibe kanthu. Ndiye dalirani pofotokozera gulu. Posamutsapo muwachepetsenso. Mukawaunika bwino malamulo 14 aja mupeza kuti angapo akunena chinthu chimodzi, ndipo ena analembedwa chifukwa cha munthu mmodzi amene anavutitsa kalekale. Asanu kapena asanu ndi limodzi amakwana.

Tsopano ntchito yeniyeni yolandira imayamba mayiwo musanawalowetse n'komwe, ndipo apa ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ine ndinaphunzirira mowawa. Zaka zapitazo ndinalandira mayi wina pa gulu la anthu oyandikana nyumba. Pofuna kusonyeza chikondi ndinalemba dzina lawo lonse, ndinatchula nyumba imene alowa, ndinawonjezera kuti akukhala ndi ana awo awiri. Anthu anasangalala, moni anagwa ngati mvula. Usiku womwewo mayiwo anatuluka pa gulu. M'mawa mwake ananditumizira uthenga waufupi wondiuza kuti anasamuka pothawa munthu wina amene ankawazunza, ndipo sankafuna kuti anthu ochuluka chotero, amene sakuwadziwa, adziwe khomo lawo. Ndinafufuta uthengawo, koma unali utawerengedwa kale. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka, ndipo chiyambire tsiku limenelo sinditchula chilichonse cha munthu pa gulu ndisanamufunse.

Choncho alembereni kaye kumbali, inu ndi iwo basi. Mungalembe motere: "Mayi, ndine adimini wa gulu la anthu a m'dera lino. Tilipo pafupifupi 180, ndipo mukalowa onsewo aziona nambala yanu. Kodi mukufuna ndikulowetseni? Ngati mukufuna, ndikutchuleni dzina liti powadziwitsa anzathu, ndipo pali chimene simukufuna kuti ndinene?" Mafunsowa ndi ochepa koma amateteza zambiri. Nkhani ya nambalayo muitchule ndithu, chifukwa ena sadziwa kuti kulowa pa gulu n'kupereka nambala yawo kwa aliyense amene alipo. Funso la dzinalo limakupulumutsaninso ku manyazi ena. Dzina limene limaoneka pa WhatsApp ya munthu nthawi zina ndi la mwana wake, la bizinesi yake, kapena mawu chabe olimbikitsa. Enanso amafuna kutchulidwa ndi dzina la kwa makolo awo osati la amuna awo, ena amafuna "mayi", ena "achemwali". Kulandira munthu ndi dzina lolakwika pamaso pa anthu 180 kumamuika pa mpanipani: akukonzeni pagulu tsiku loyamba, kapena angolilandira dzinalo mpaka kalekale.

Akavomera, alowetseni pa nthawi imene inuyo muli ndi mpata wolemba pompo. Musawalowetse m'mawa n'kudzalemba moni madzulo. Maola amenewo iwo amakhala akuona anthu akucheza ngati sanaone kuti pabwera munthu, kapenanso wina amafunsa kuti "nambala yalowayi ndi ya ndani?", funso limene limamveka ngati pabwera wakuba. Uthenga wanu ufike mphindi zochepa chilowereni, ndipo usakhale usiku anthu atagona. Ngati anthu amalowa okha kudzera pa linki, tsegulani Approve new members m'makonzedwe a gulu, kuti munthu azidikira chilolezo chanu. Mukatero nthawi yolowera mumaisankha ndinu, komanso mumakhala ndi mpata womufunsa mafunso aja.

Uthenga wa pa guluwo ungakhale wotere:

"Mayi Uje, takulandirani ndi manja awiri. Anzanga, awa ndi Mayi Uje, angosamukira kumene m'dera lathu lino. Mayi, pano timadziwitsana za madzi ndi magetsi, za chitetezo, ndi za misonkhano yathu. Msonkhano wotsatira uliko Loweruka likubwerali, ndikutumizirani zonse kumbali. Malamulo athu ndi ochepa, muwapeza mukadina dzina la gulu pamwambapa. Ngati pali chimene mwakhala mukuchisowa chisamukireni, funsani pompano, alipo ambiri odziwa. Mukafuna kungowerenga kaye, palibenso vuto. Ine ndine adimini, chilichonse chovuta ndilembereni."

Muwerenge mokweza, muona kuti sutenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo wonse ukwana pa foni osadulidwa. Dzina lili poyamba chifukwa munthu akaona dzina lake amadziwa kuti uthengawu si chikalata chongomata kwa aliyense. Mungalilembe poyamba ndi chizindikiro cha @ kuti foni iwadziwitse, koma dziwani kuti chimene chimatuluka pamenepo si nthawi zonse chimakhala dzina limene munagwirizana, ndiye dzinalo mulilembenso ndi dzanja lanu. Chiganizo chachiwiri chikulankhula kwa gulu. Izi ambiri amaziiwala: uthenga wolandira umalembedwa kwa munthu mmodzi koma owerenga ndi onse. Mukanena kuti "awa ndi Mayi Uje" mwawaimira umboni, ndipo funso lija la nambala yachilendo lafa lisanabadwe. Onaninso kuti sindinatchule nyumba, ntchito, banja, kapena kumene achokera. Zimenezo adzanena okha akadzafuna.

Chiganizo chofotokoza zimene mumachita pa gulu chili ndi mphamvu kuposa mmene chikuonekera. Mukatchula zinthu zitatu zimene gulu limakambirana, mwanena kale zimene silikambirana, popanda mawu oletsa. Munthu akamva "madzi, chitetezo, misonkhano" amazindikira yekha kuti si malo otsatsira malonda m'mawa uliwonse. Ngati pali lamulo limodzi limene atsopano amaliphwanya kawirikawiri, limenelo lokha mungaliike mu uthengawo, koma mulinene pamodzi ndi chifukwa chake komanso njira yake. "Malonda timatsatsa Lachisanu lokha kuti zilengezo zisamakwiririke" amamveka ngati mnzako akukulangiza. "Malonda ndi oletsedwa" amamveka ngati chikwangwani cha pa mpanda.

Za msonkhanozo ndaziikamo dala. Popeza mayiwo sadzaona zakale, chilengezo chilichonse chimene chikadali ndi ntchito muyenera kuwapatsa inuyo. Adimini ambiri amadabwa kuti watsopano sanabwere ku msonkhano, osakumbukira kuti chilengezocho chinatuluka iye asanalowe. Musanawalowetse, bwererani m'mbuyo sabata ziwiri pa gulu, muone zimene zikadali zamoyo, muwatumizire kumbali.

Mbali imene ndimaiona ikulakwika koposa ndi ya pempho. Pafupifupi aliyense amalemba kuti "tiuzeni za inu" kapena "dzidziwitseni". Cholinga n'chabwino, koma taganizani mmene zimamvekera kwa munthu amene waima pamaso pa anthu 180 osawaona nkhope. Anene zingati? Atchule ntchito? Atchule banja? Akalemba zambiri aoneka wodzionetsera, akalemba zochepa aoneka wodzikuza. Ambiri amati ndilemba kenako, ndipo kenakoyo safika. Pakapita masiku atatu amayamba kuchita manyazi kuti anachedwa, basi n'kukhala chete mpaka muyaya. Ndikuganiza kuti ena mwa anthu anu achetewo anakodwa pomwepa. N'chifukwa chake mu chitsanzo chija ndatembenuza zinthu: m'malo mowapempha kuti apereke mbiri yawo, ndawapatsa mpata wopempha thandizo. Munthu wongosamuka amakhala ndi mafunso enieni, monga tsiku lotaya zinyalala kapena kumene angakanene bomba la madzi likaphulika. Funso lotere ndi losavuta kulemba, ndipo limapatsa akale chinthu choti ayankhe choposa moni. Kucheza kwenikweni kumayambira pamenepo. Mzere wakuti "mukafuna kungowerenga kaye, palibenso vuto" musauchotse. Ndaona kuti munthu akamasulidwa ku ngongole yoyankha, m'pamene amayankha msanga.

Tibwere ku moni 30 uja. Anthu anuwo ali ndi mtima wabwino, ndipo musawakalipire, chifukwa watsopano akaona adimini akudzudzula anthu chifukwa chomulandira amadziona ngati iye ndiye wabweretsa mkangano. Konzani zinthu ziwiri. Choyamba, musalowetse munthu tsiku limene mwatulutsa chilengezo chofunika. Zikakakamizika kuchitika tsiku limodzi, lowetsani munthuyo, moni adutse, kenako chilengezo chibwere pambuyo n'kuchikhoma ndi Pin, ndipo watsopanoyo adzachionanso. Chachiwiri, tsiku lina lopanda mlendo, pemphani gulu kuti polandira munthu azingodina pa uthenga wanu n'kuikapo kachizindikiro ka mtima kapena ka manja, m'malo molemba uthenga wina. Zizindikiro 30 zimaunjikana pansi pa uthenga umodzi, sizikankhira chilichonse m'mwamba, koma mlendo amaonabe kuti anthu ambiri amukondwerera.

Zizindikiro zokha n'zozizira pang'ono, ndiye pamafunika mawu a munthu wachiwiri. Ine ndimapangana ndi anthu awiri kapena atatu okhazikika pa gulu kuti mmodzi wa iwo azilemba chiganizo chimodzi chenicheni pambuyo pa uthenga wanga. Mwachitsanzo: "Takulandirani mayi, inenso ndinafika chaka chatha, gulu lino linandithandiza kwambiri masiku oyamba." Moni wa adimini munthu amadziwa kuti ndi udindo. Moni wa membala wamba ndi umene umamuuza kuti pano pali anthu.

Kukhala ndi uthenga wosungiratu si kulakwa, nanenso ndili nawo. Koma pakati pokha ndi pamene pazikhala chimodzimodzi, poyamba ndi pa za msonkhano muzisintha nthawi iliyonse. Akale akaona mawu omwewo kakhumi amasiya kuwawerenga, ndipo tsiku lina mudzamata uthenga uli ndi dzina la munthu wa mwezi watha. Zikachitika, WhatsApp imalola kukonza uthenga mkati mwa mphindi 15 chiutumizireni, ndiye muziuwerenganso mukangotumiza. Akalowa anthu angapo tsiku limodzi, alandireni mu uthenga umodzi koma aliyense atchulidwe dzina. Uthenga wa mawu ojambula ndi wokoma kumva ndipo umathandiza amene kuwerenga kumawavuta, koma uzibwera powonjezera, osati m'malo mwa wolembedwa, chifukwa munthu sangautsegule paliponse ndipo n'kovuta kubwereranso kukafufuzamo mfundo. Ngati gulu lanu limasakaniza zilankhulo, funsani mayiwo pa kucheza kwa kumbali kuja chimene amamasuka nacho.

Mudzadziwa bwanji kuti zayenda? Musayese ndi kuchuluka kwa mayankho a tsiku loyamba. Mukadina uthenga wanu n'kusankha Info muona ngati mayiwo auwerenga. Ngati awerenga koma sanayankhe, asiyeni, ndipo chonde musawaitane pagulu kuti "Mayi Uje, mwangoti zii bwanji?" Pakatha masiku anayi kapena asanu alembereni kumbali: "Mayi, mukuliona bwanji gulu lathu? Mauthenga sakukuchulukirani?" Akadandaula za phokoso, asonyezeni Mute, kuti foni isamalire koma akhalebe pa gulu. Anthu ambiri amene amatuluka sabata yoyamba sakanatuluka akanadziwa kabatani kameneka. Kuyambira 2022 munthu akatuluka pa gulu la WhatsApp amadziwitsidwa ndi maadimini okha, ndiye awiri anatuluka aja mukhoza kuwafunsa mwaulemu popanda gulu kudziwa. Funso limodzi, lopanda kuwakakamiza kubwerera: "Pali chimene tikanachita bwino?" Akapanda kuyankha musabwerezenso.

Pali zina zimene uthenga wabwino sungathe kukonza, ndipo pamenepo musalimbane nazo nokha. Nambala yatsopano pa gulu lalikulu imakopa anthu a zolinga zoipa. Ngati watsopano akuuzani kuti atangolowa wina wa pa gulu wayamba kumulembera kumbali zomunyengerera, zomupempha ndalama kapena zomuopseza, mupempheni asunge zithunzi za mauthengawo, amutseke munthuyo ndi Block, ndipo inu mukambirane ndi maadimini anzanu kapena atsogoleri a gululo tsiku lomwelo. Zikafika pa kuopseza, kutsatira munthu kunyumba, kapena kubera ndalama, imeneyo ndi nkhani ya apolisi, osati ya adimini. Chinyengo china chofala n'chakuti munthu amadzitcha adimini, n'kuuza watsopano kuti atumize manambala 6 amene abwera pa foni yake kuti "amulembetse pa gulu". Manambala amenewo ndi kiyi wa WhatsApp ya munthuyo, akawapereka akaunti yake yapita. Choncho pa uthenga wa kumbali uja wonjezerani mzere umodzi: "Palibe adimini wa gulu lino amene adzakupempheni manambala obwera pa foni yanu." Mukaona kuti anthu osadziwika akupempha kulowa motsatizana, linki yanu yafika kutali, ithetseni ndi Reset link n'kupanga ina. Ndipo ngati wofuna kulowayo ndi mwana, yambani mwalankhula ndi makolo ake komanso maadimini anzanu musanamulowetse pa gulu la akuluakulu.

Pa za mayi a sabata yamawawo, yambani lero ndi kusamutsa malamulo aja, kuti podzafika iwo adzawapeze ali kale m'malo mwake. Mawa alembereni kumbali. Akakuuzani kuti sakufuna kudziwitsidwa pagulu n'komwe, zimenezonso zimachitika, alemekezeni: lembani mzere umodzi wokha wakuti "nambala yalowayi ndi ya mnzathu wa m'dera lino, ndaitsimikiza ndine", ndipo moni wonse uja muwapatse kumbali.